Kalata ya mwini sitolo: imelo ya pantchito ilowa bwanji m'foni?

Sukulu, bungwe kapena kontilakitala akafuna mitengo ya katundu wochuluka, kawirikawiri sakhutira ndi uthenga wa pa WhatsApp. Amafuna koteshoni yolembedwa bwino, yochokera pa adiresi ya imelo yokhala ndi dzina la sitolo, kuti aiike m'mafayilo awo. Nchifukwa chake masitolo ambiri a ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ali ndi maadiresi awoawo, ena othera ndi .mw, ena othera ndi .com. Vuto limabwera wantchito watsopano akalembedwa. Bwana amamupatsa kapepala ka adiresi ndi pasiwedi, n'kumuuza kuti, "Muike m'foni mwanumo." Mnyamata amalimbana nayo foniyo mpaka madzulo, imelo osalowa, kapena ikulowa koma osatuluka.

Mankhwala ake ndi kalata yaifupi imene mwini sitolo amalemba kamodzi, n'kumapatsa aliyense wobwera kumene. Kalata yotere imayenera kupereka maina ndi manambala enieni, kulongosola njira mwatsatanetsatane, komanso kunena mmene munthu angadziwire kuti zatheka. Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi sitolo yogulitsa simenti, malata ndi penti, ndipo walemba ntchito mnyamata woyankha maoda. Dzina la example.com limene tagwiritsa ntchito m'munsimu ndi longoperekera chitsanzo. Linasungidwa dala kuti lizigwira ntchito imeneyi m'mabuku, choncho inu mudzaikepo dzina la sitolo yanu.

Chiyambi cha kalata

"Achimwene,

"Takulandirani pantchito. Kuyambira Lolemba muziyankha makasitomala ofunsa mitengo, ndiye pakufunika kuti imelo ya sitolo ikhale m'foni mwanu. Adiresi yake ndi malonda@example.com. Pasiwedi sindinailembe m'kalata muno, mubwere ku ofesi ndidzakupatseni pamanja. Musanayambe, onetsetsani kuti muli ndi bandulo ya intaneti yonse kapena mwalumikiza ku wayifayi ya pasitolo, kuti tsiku ndi nthawi pafoni zili zolondola, ndiponso kuti foni yanu imakiyidwa ndi nambala kapena chala. Zofunika kulemba ndi izi:

```
Username:  malonda@example.com
IMAP:      mail.example.com   Port 993   SSL/TLS
SMTP:      mail.example.com   Port 465   SSL/TLS
```

"Muzikopere monga zilili, osasintha ngakhale kadontho kamodzi."

Mizere itatu imeneyi ndiyo mutu wa nkhani yonse. Mayiyu sanaipeke. Anaitenga kwa kampani imene imasunga webusaiti ndi imelo ya sitolo yake, ndipo mwini sitolo aliyense ayenera kuchita chimodzimodzi, chifukwa dzina la seva limasiyana kampani ndi kampani.

Mizere ya seva ilipo iwiri chifukwa imelo ili ndi njira ziwiri zosiyana. Makalata a sitolo sakhala m'foni, amakhala pa kompyuta yaikulu yosazima yotchedwa seva. Foni ikafuna kuwerenga makalata obwera imayankhula ndi sevayo kudzera mu IMAP, ndipo ikafuna kutumiza imadzera mu SMTP. Njira iliyonse ili ndi nambala yake ya Port, ndipo iliyonse imafunsa dzina ndi pasiwedi payokha. Apa ndi pamene pamagona chifukwa chimene munthu angathe kulandira makalata bwinobwino koma n'kumalephera kutumiza: njira imodzi waikonza, inayo ayi.

Mawu akuti SSL/TLS akutanthauza kuti zonse zodutsa pakati pa foni ndi seva, kuphatikizapo pasiwedi, zikhale zobisika kuti wina wapanjira asaziwerenge. Nambala ya 993 imayendera limodzi ndi IMAP yobisika chotere, ndipo 465 ndi ya kutumiza. Makampani ena amapereka 587 m'malo mwa 465, ndipo pamenepo mtundu wa chitetezo umakhala STARTTLS. Nambala ndi mtundu wa chitetezo ziyenera kugwirizana. Mukaphatikiza 465 ndi STARTTLS, kapena 587 ndi SSL/TLS, foni imangozungulira kenako n'kulephera. Nambala ya 25 muipewe, chifukwa ndi imene maseva amatumizirana makalata okhaokha, ndipo makampani ambiri a intaneti amaitseka pofuna kuchepetsa makalata achinyengo.

Njira yake pafoni

Kalata ikupitirira:

"Pafoni yanu ya Android tsegulani Gmail. Dinani timizere titatu tapamwamba kumanzere, tsikirani pa Settings, ndipo sankhani Add account. Pamndandanda umene ubwere musasankhe Google, sankhani Other. Lembani adiresi yonse, kenako dinani Manual setup ndi kusankha Personal (IMAP). Ikani pasiwedi.

"Tsamba lotsatira ndi la makalata obwera. Pa Username pakhale adiresi yonse, osati mawu akuti malonda okha. Pa Server foni imadzilembera yokha example.com, ndiye inu mukonze kuti pakhale mail.example.com. Tsamba linalo ndi la makalata otuluka. Musiye Require sign-in ili yoyatsa, mulembenso adiresi yonse ndi pasiwedi yomweyo, ndipo pa SMTP server muike mail.example.com. Foni ikapanda kukufunsani Port, ndiye kuti yaipeza yokha. Ikakufunsani, ikani manambala amene ndakupatsani.

"Pomaliza ikufunsani dzina limene makasitomala aziona. Mulembe dzina lanu lenileni pamodzi ndi dzina la sitolo, osati dzina lamasewera."

Malo atatu amene anthu amapunthwapo kwambiri mayiyu wawatchula dala. Oyamba ndi Username. Pa seva imodzi pamakhala makampani ambirimbiri, ndipo angapo mwa iwo angakhale ndi adiresi yoyamba ndi mawu akuti malonda kapena info. Seva imakuzindikirani ndi adiresi yonse. Achiwiri ndi dzina la seva limene foni imangoganizira yokha, lomwe nthawi zambiri limakhala losakwanira. Achitatu ndi Require sign-in. Seva yabwino siitumiza kalata ya munthu amene sanadzidziwitse, chifukwa ikanatero akuba akanaigwiritsa ntchito kufalitsa mabodza m'dzina la sitolo.

Wa iPhone njira yake ndi yofanana. Amalowa mu Settings, n'kupeza Mail, kenako Add Account, Other ndi Add Mail Account. Pali msampha umodzi: pagawo la Outgoing Mail Server, malo a dzina ndi pasiwedi amalembedwa kuti Optional, ngati kuti si ofunika. Ndi ofunika, ndipo wowasiya opanda kanthu adzalandira makalata koma sadzatumiza.

Pali masitolo enanso amene imelo yawo imasungidwa ndi Google Workspace kapena Microsoft 365, ngakhale adiresi ili ndi dzina la sitolo. Kwa amenewa kalata imafupika, chifukwa palibe kulemba maseva pamanja. Wa Google amasankha Google pamndandanda uja, wa Microsoft amasankha Exchange and Office 365 kapena kuika pulogalamu ya Outlook, ndipo amalowa ndi adiresi ndi pasiwedi pa tsamba la kampaniyo. Microsoft inayamba kutseka njira yakale yolowera pa IMAP ndi pasiwedi yokha mu 2022, choncho kuyesa Other pa adiresi yotere n'kutaya nthawi. Mwini sitolo ayenera kudziwa kaye kumene imelo yake imasungidwa asanalembe kalata.

Bwanji IMAP osati POP3?

Pamene foni ikufunsa mtundu wa akaunti, pamakhala Personal (POP3) ndi Personal (IMAP) moyandikana, ndipo wosadziwa amangodina yoyamba. Kusiyana kwake n'kwakukulu pa sitolo imene anthu angapo amagwiritsa ntchito adiresi imodzi.

Taganizirani bokosi la ku positi ofesi. POP3 ili ngati munthu amene amatsegula bokosi, kutenga makalata n'kupita nawo kunyumba kwake. IMAP ili ngati munthu amene amawerengera makalata pomwepo n'kuwabwezera m'bokosi, atalembapo kuti awa awerengedwa, awa ayankhidwa, kuti mnzake wokhala ndi kiyi wina apeze zonse. POP3 ndi ya m'ma 1980, nthawi imene munthu amakhala ndi kompyuta imodzi yokha. Mapulogalamu ambiri a masiku ano amasiya kope pa seva ngakhale pa POP3, komabe chimene mwatumiza chimatsala pa foni yanu yokha, ndipo mnzanu saona kuti kalata mwaiwerenga kale.

Pa sitolo ya mayiyu zotsatira zake n'zoonekeratu. Mnyamata akayankha kasitomala kudzera pa POP3, bwana akatsegula kompyuta ya mu ofesi sapeza yankholo, ndipo angatumize mtengo wina wosiyana kwa kasitomala yemweyo. Foni ikabedwa m'minibasi, makoteshoni onse amene anatumizidwa amapita nayo. Pa IMAP zotumizidwa zimasungidwa mu Sent pa seva, ndipo aliyense wololedwa amaziona.

IMAP ilinso ndi mbali yake yofunika kusamala nayo, ndipo kalata yabwino imaitchula:

"Chimene mwafufuta pafoni yanu chafufutika kwa tonse, ngakhale pa kompyuta yanga. Musafufute kalata ya kasitomala chifukwa choti foni yadzaza. Makalatawo sali m'foni mwanu, ali pa seva."

Kuyesa ngati zatheka

Anthu ambiri akaona makalata akale akutsika m'foni amati ntchito yatha. Apo ayesa njira imodzi yokha. Mayiyu akulemba kuti:

"Mukamaliza, tumizani kalata kuchokera pa adiresi ya sitolo kupita pa imelo yanu ya kunyumba. Muonetsetse kuti pa From pali malonda@example.com. Ikafika, iyankheni kuchokera komweko, ndipo muone ngati yankho lafika pa adiresi ya sitolo. Kenako mubwere tione limodzi pa kompyuta yanga ngati kalata yanu ikuoneka mu Sent. Zitatu zimenezi zikatheka, mwamaliza."

Kuyang'ana pa From n'kofunika tsiku ndi tsiku, osati poyesa pokha. Gmail imasunga maakaunti angapo malo amodzi, ndipo munthu akalemba kalata yatsopano imachokera pa akaunti imene yatseguka nthawi imeneyo. Wothamanga angatumize invoisi ya sitolo kuchokera pa adiresi yake ya kunyumba. Kasitomala amayankha komweko, ndipo nkhani ya ndalama za sitolo imayamba kuyendera m'bokosi limene bwana sangalione.

Zikavuta, muyambire pati?

Tiyerekeze kuti mnyamata uja walandira pempho la mtengo wa matumba 40 a simenti. Walemba koteshoni, wadina kutumiza, koma madzulo kasitomala akuimba kuti sanalandire kanthu. Choyamba n'kutsegula Outbox. Kalata ikakhala momwemo, mwina italembedwa kuti Queued, ndiye kuti sinatuluke n'komwe m'foni. Popeza pempho la kasitomala linafika bwino, adiresi, pasiwedi ndi IMAP zilibe mlandu. Vuto lili ku SMTP. Alowe mu Settings, asankhe akaunti ya sitolo, atsegule Outgoing settings, ndipo aone zinthu zitatu: dzina la seva, Require sign-in, komanso ngati Port ikugwirizana ndi mtundu wa chitetezo. Kawirikawiri cholakwika chimapezeka pa chimodzi mwa zitatuzi.

Kalata ikakhala kuti ili mu Sent, ndiye kuti inatuluka. Apo ayang'ane ngati sipanabwere kalata yobwezedwa, imene nthawi zambiri imachokera kwa Mailer-Daemon kapena Mail Delivery System. Kalata imeneyi imanena chifukwa chake: adiresi ya kasitomala inalembedwa molakwika, bokosi lake ladzaza, kapena fayilo yakula kwambiri. Gmail, mwachitsanzo, imalola kutumiza mafayilo osapitirira 25 MB pa kalata imodzi, ndipo maseva ena malire awo ndi ocheperapo. Zithunzi zingapo za katundu zojambulidwa ndi foni yamakono zimafika msanga pamalirewo. Ngati palibe kalata yobwezedwa, kasitomala apemphedwe kuti ayang'ane mu Spam.

Pamene zonse ziwiri zakanika, kulandira ndi kutumiza komwe, muyambe ndi bandulo. Makampani a foni amagulitsa mabandulo otchipa a WhatsApp kapena Facebook okha, ndipo imelo siidutsa pa mabandulo amenewa. Munthu amaona mauthenga a WhatsApp akulowa, n'kumalumbira kuti intaneti ilipo. Yesani kutsegula tsamba lililonse la pa intaneti. Likakana, vuto si la imelo.

Ngati intaneti ilipodi koma foni ikukana pasiwedi, musaiyese mobwerezabwereza. Maseva ambiri akaona pasiwedi yolakwika kangapo motsatizana amatsekera kunja malo amene ikuchokera, poganiza kuti ndi wakuba. Zikachitikira pa wayifayi ya pasitolo, onse a pasitolopo angatsekeredwe limodzi, bwana yemwe. Njira yanzeru n'kuyesa pasiwediyo kamodzi pa tsamba la imelo ya kampani pa kompyuta. Ikalowa kumeneko, ndiye kuti cholakwika ndi kalembedwe ka pafoni. Kiyibodi ya foni imakonda kusandutsa chilembo choyamba kukhala chachikulu, kapena kuonjezera mpata kumapeto kwa adiresi, ndipo pasiwedi imasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono.

Chenjezo la setifiketi, limene pa iPhone limalembedwa kuti Cannot Verify Server Identity, limabwera pa zifukwa zitatu zodziwika. Tsiku la pafoni lingakhale lolakwika, dzina la seva limene mwalemba lingakhale losiyana ndi limene lili pa setifiketi, kapena setifiketi ya kampani yatha nthawi yake. Ziwiri zoyambazo mungakonze nokha. Chachitatu ndi cha osunga seva. Musangodina kupitirira kuti chenjezo lichoke, chifukwa chenjezo lomwelo limabweranso pamene wina akunamizira kukhala seva yanu kuti akubereni pasiwedi.

Palinso dandaulo lakuti makalata amafika mochedwa, kapena amaoneka pokhapokha munthu atatsegula Gmail. Pa akaunti ya IMAP, Gmail imapita kukafunsa seva nthawi ndi nthawi, malinga ndi zimene zili pa Sync frequency, ndipo nthawi yaifupi kwambiri pamenepo ndi mphindi 15. Kalata yosafika m'mphindi ziwiri sinasochere. Komanso mafoni ambiri a Android, kuphatikizapo a Tecno, Itel ndi Infinix amene ndi ofala kwathu kuno, amagonetsa mapulogalamu pofuna kusunga batire. Gmail iyenera kuloledwa kugwira ntchito ngakhale sikirini itazima, apo ayi oda ya m'mawa idzaoneka masana.

Malamulo a pakhomo

Gawo lomaliza la kalata si la mabatani, ndi la khalidwe:

"Adiresi imeneyi ndi ya sitolo. Musaigwiritse ntchito polembetsa zinthu zanu, ndipo pasiwedi musapatse munthu, ngakhale wokonza mafoni kumsika. Mukalandira kalata yonena kuti bokosi ladzaza ndipo mudine apa kuti mulowetse pasiwedi, musadine, mundionetse. Wogulitsa katundu kwa ife akalemba kuti wasintha akaunti ya kubanki, tisalipire tisanamuimbire pa nambala imene tinali nayo kale. Foni ikatayika kapena kubedwa, mundiuze nthawi yomweyo, ngakhale usiku, kuti ndisinthe pasiwedi. Tsiku limene mudzasiye ntchito tidzachotsa akauntiyi m'foni mwanu tili limodzi.

"Pakavuta, jambulani zimene sikirini yalemba mubwere nazo. Zikomo kwambiri.

"Ndine, mwini sitolo."

Malamulo awiri okhudza makalata achinyengo akuloza njira zimene akuba amagwiritsadi ntchito. Kalata yonena kuti bokosi ladzaza imatsogolera ku tsamba lofanana ndi lenileni, ndipo pasiwedi yolembedwa pamenepo imapita kwa wakuba. Iye akalowa sachita phokoso. Amawerenga makalata mwakachetechete, amaphunzira amene sitolo imachita nawo malonda, ndipo ikayandikira nthawi yolipira amatumiza invoisi yokhala ndi akaunti yake ya kubanki. Nchifukwa chake kutsimikizira kumachitika pa foni yoimba, pa nambala yakale, osati pa nambala yolembedwa m'kalata yokayikitsayo.

Kusintha pasiwedi foni ikabedwa kumadula foniyo kuti isalandirenso makalata atsopano kapena kutumiza m'dzina la sitolo. Koma makalata amene anatsika kale amawerengekabe pafoniyo, ndipo chimene chimawateteza ndi kiyi wa pasikirini. N'chifukwa chake mayiyu anaika nkhani yokiya foni koyambirira kwa kalata. Dziwaninso kuti pasiwedi ikasinthidwa, foni ndi kompyuta iliyonse imene ili ndi akauntiyo iyenera kupatsidwa yatsopano, pa makalata obwera ndi otuluka omwe. Foni imodzi yoiwalika imapitiriza kugogoda ndi pasiwedi yakale mpaka seva itatsekera sitolo yonse kunja.

Apa ndi pamene kufooka kwa adiresi imodzi ya anthu ambiri kumaonekera. Mmodzi akachoka, onse otsala amayenera kusintha pasiwedi, ndipo kalata yolakwika ikatumizidwa n'kovuta kudziwa amene anailemba. Sitolo imene yafika pa antchito angapo oyankha makasitomala ichite bwino kupatsa aliyense adiresi yake pa dzina la kampani, kuti wochoka adiresi yake yokha ndiyo itsekedwe, makalata ake n'kumatumizidwa kwa wolowa m'malo mwake.

Ngati muli ndi sitolo ndipo kalata yotere mulibe, funsani kwa osunga imelo yanu dzina la seva, manambala awiri a Port ndi mtundu wa chitetezo. Lembani njira yonse pa tsamba limodzi, muiyese nokha pafoni ina kuyambira poyamba mpaka kalata itapita ndi kubwera, ndipo musunge tsambalo mu ofesi. Pasiwedi yokha musailembepo.